Bilu ya R10,640 pa yadi ya mabanja anayi, aliyense apereke zingati?

Bambo a Tadala: Mwaswera bwanji abale pa gulu pano. Ndithandizeniko nzeru, mutu wanga waima. Ndimakhala ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg, pa yadi ya nyumba yaikulu imodzi ndi zipinda zitatu kuseri, ine ndili m'chimodzi mwa zipindazo. Dzulo kheyateka watitumizira bilu ya khonsolo ya mzinda, pansi palembedwa R10,640, ndiye iye wangogawa panayi, akuti aliyense R2,660 pamwamba pa lendi. Pangano lathu ndi landilodi ndi lakuti ife timalipira magetsi ndi madzi basi. Khomo lililonse lili ndi kamita kake, ndipo kanga kakuonetsa mayunitsi 210 a mwezi wa Julaye. Pabilupo ndaona kuti yunitsi ndi cha m'ma R2.60. Ndikachulukitsa 210 ndi R2.60 ndikupeza R546. Nanga R2,660 ikuchokera kuti? Ine hita ndimayatsa ola limodzi lokha madzulo, mwana akangotuluka m'bafa.

Che Jafali: Akudyerani masuku pamutu achimwene. Mupereke R546 yanuyo, muonjezerepo kenakake ka madzi, nkhani yatha. Mita siinama. Ife kuno ku Mayfair tinasiya kale zogawana mofanana, wina ali ndi giza, wina ali ndi kababu kamodzi, mugawana bwanji mofanana?

Yamikani: Vuto ndi loti mumagula mayunitsi pakati pa mwezi mdala. Muzigula pa 1, amakhala otchipa. Ine ndimaponya R300 pa 1 ndipo amabwera ambiri kuposa ndikagula pa 20.

Bambo a Tadala: Ayi Yamikani, kwathu sitigula mayunitsi. Mita yaikulu ndi yakale ija, yobwera bilu pakutha pa mwezi.

Anambewe: Moni nonse. Bambo a Tadala, ine kuntchito ndimakhalira mapepala omwewa, timayang'anira mafulati angapo ndipo mabilu onse amadutsa pa tebulo langa. Kheyateka walakwitsa, koma R546 yanuyonso siyokwana, musapite nayo kukakangana. Tsegulani tsamba lachiwiri, pamene pali mutu wa City Power, kampani ya magetsi ya khonsolo. Nambala yaikulu ya kutsogolo ija muyambe mwaisiya kaye. Mundilembere izi monga zalembedwera: `Reading period` ndi masiku ake, `Start reading`, `End reading`, ngati palembedwa `Actual`, kutanthauza kuti mita anaiwerengadi, kapena `Estimated`, kutanthauza kuti anangoyerekeza, kenako mizere yonse yoyamba ndi `Step`, ndi ina iliyonse yomwe ili pansi pake.

Bambo a Tadala: Zikomo achemwali. Chithunzi n'chosaoneka bwino ndiye ndingolemba, mitengo ndaidula timasenti kuti ikhale yosavuta. Masiku ndi kuyambira 8 Julaye mpaka 12 Ogasiti, akuti 35. Mita inayambira 41250, yathera 42650, palembedwa `Actual`. `Step 1` mayunitsi 574.949 pa R2.60, `Step 2` 574.949 pa R3.00, `Step 3` 250.102 pa R3.20. Pansi pali `Service charge` R280, `Network charge` R820, ndi kena kakang'ono ka `Network Surcharge` R49.50. Kenako VAT.

Anambewe: Eya, tsopano tili ndi poyambira. Choyamba nthawi zonse ndi kuchotsera, 42650 kuchotsa 41250 ndi 1,400. Awo ndi mayunitsi a yadi yonse. Mukaphatikiza masitepe atatu aja, 574.949 kawiri ndi 250.102, mupeza 1,400 yomweyo, ndiye apo palibe chasochera. Mukapeza mpata mupite pa bokosi la mita mukaone nokha. Nambala yomwe ilipo lero iyenera kupitirirako 42650 pang'ono, komanso nambala ya mitayo, yodindidwa pankhope pake, ifanane ndi yomwe ili pabilu. Ndinaonapo anthu akulipirira mita ya khomo loyandikana nalo chaka chathunthu chifukwa chosayang'ana zimenezo.

R2.60 mwaionayo ndi mtengo wa sitepe yoyamba yokha. Magetsi a kuno sagulitsidwa ngati tomato wa pamsika woti ukagula wambiri amakuikira basela. Kuno ukamagwiritsa ambiri mtengo umakwera. Pa mita ya bilu ya pakhomo, mayunitsi 500 oyamba pamwezi ali ndi mtengo wawo, kuyambira 501 kufika 1,000 mtengo wokwererapo, kuyambira 1,001 kufika 2,000 wokwereranso, mpaka kumtunda. Ndiye khonsolo sidziwa kuti pa yadipo pali mabanja anayi. Iyo imaona mita imodzi, imakuwerengerani ngati banja limodzi lowononga magetsi. Timamita ta m'zipinda tija ndi ta landilodi, khonsolo sititenga n'komwe.

Che Jafali: Aa, dikirani mayi. Mwati sitepe yoyamba ndi 500. Papepala la achimwenewa palembedwa 574 ndi timadontho. Limenelo si bodza? Wina waseweretsapo kompyuta apa.

Anambewe: Ayi Che Jafali, ndipo pamenepo ndi pomwe apatsidwa chilungamo. 500 ija ndi ya mwezi wamba. Koma owerenga mita sabwera tsiku lofanana mwezi uliwonse, pena papita masiku 28, pena 35 ngati pano. Akanati asiye 500 pa masiku 35, mayunitsi ambiri akanagwera m'masitepe odula popanda inu kulakwa. Ndiye amaitambasula sitepeyo molingana ndi masiku. Mwezi wamba amautenga kuti ndi masiku 30.4375, kutanthauza 365.25 kugawa ndi 12.

```
500 x 35 / 30.4375 = 574.949
```

Yesani pa kalikyuleta ya pafoni muone. Bilu ya masiku 31 mupeza 509.240. Ine ndikalandira bilu yokayikitsa ndimayamba ndayesa kasamu kameneka, chifukwa ngati masiku ndi ambiri koma sitepe sinatambasuke ndiye kuti pali chofunsa.

Che Jafali: Ndayesa, yatuluka 574.9 ndithu. Chabwino ndagonja pamenepo. Koma zogawa panayi zija sindigonja.

Anambewe: Musagonje, kumeneko tifikako. Tiyeni tiwerengere magetsi onse kaye ndi mitengo yodulidwa ija. Ndizungulizako 575, 575 ndi 250. Sitepe yoyamba 575 pa R2.60 ndi R1,495. Yachiwiri 575 pa R3.00 ndi R1,725. Yachitatu 250 pa R3.20 ndi R800. Zonse R4,020. Kakang'ono ka R49.50 kaja kamayenda ndi mayunitsi omwe apitirira sitepe yoyamba, apa ndi 825 pa masenti 6, ndiye timakaphatikiza komweku, R4,069.50. Tikaikapo VAT ya 15 peresenti ikufika R4,680. Imeneyo ndi ndalama ya magetsi omwe anayakadi.

Kenako pali R280 ndi R820 zija, pamodzi R1,100, ndi VAT R1,265. Izi sizikhudzana ndi hita yanu. Ngakhale nonse mutatseka zitseko n'kupita kumudzi kukakolola mwezi wathunthu, mita osasuntha, R1,265 ibwerabe. Mukulipira kuti waya wafika pakhomo ndipo akusungirani mphamvu ya mlingo wakutiwakuti. Imatengera kukula kwa buleka yaikulu, ya maampu 60 ndi ya maampu 80 sizilipira mofanana.

R4,680 kuphatikiza R1,265 ndi R5,945. Taonani ngati gawo la magetsi likuthera pamenepo.

Bambo a Tadala: Likusiyana ndi marandi ochepa chabe, ndi masenti ndinadula aja. Ndiye magetsi onse a pa yadi ndi R5,945? Nanga pofika R10,640 zina ndi za chiyani?

Anambewe: Werengani mitu inayo, iliyonse ili ndi ndalama yake kumanja. Kenako mubwerere kutsamba loyamba muone mzere wa ndalama yotsalira ya mwezi watha.

Bambo a Tadala: Madzi R1,190. Suweji R700. Zinyalala za Pikitup R450. `Property Rates` R855. Ndiye kutsogolo kuli ya mwezi watha, inali R8,500, panalipidwa R7,000, yatsala R1,500.

Che Jafali: Eeh! Ndinanena ine. R1,500 ya ngongole ya mwini nyumba akukusenzetsani inu.

Anambewe: Phatikizani muone: 5,945 ndi 1,190 ndi 700 ndi 450 ndi 855 zikupanga R9,140, imeneyo ndi ya mwezi uno. Kuikapo R1,500 yotsalira ndi R10,640 ndendende. Nambala yaikulu ya kutsogolo ija ndi zonse zomwe mwini akaunti ali nazo ngongole ku khonsolo, si za mwezi umodzi ndipo si za alendi okha. Msonkho wa nyumba, R855 ija, ndi wa mwini malo, umawerengedwa potengera mtengo wa nyumbayo. Zinyalala nazonso zimatengera mtengo wa nyumba, suweji pa nyumba ngati imeneyo imatengera kukula kwa puloti. Ngati pangano lanu likuti magetsi ndi madzi, zimenezi sizanu. Suweji yokha ndi yomwe anthu amakanganirana, eni nyumba ena amati ili m'gulu la madzi, ndiye muone mawu enieni a papepala lomwe munasainirana.

Za R1,500 zija musafulumire kuloza chala. Mwina landilodi analipira zoperewera, mwinanso pali mmodzi wa inu yemwe mwezi watha sanapereke gawo lake. Komanso ndalama ikalipidwa bilu itasindikizidwa kale siimaoneka mpaka bilu yotsatira. Mufunse kaye. Chomwe n'chachidziwikire n'chakuti ngati inu munalipira zanu za mwezi watha, simungalipirenso kachiwiri.

Ankolo Mbewe: Pepani ndalowerera, nkhaniyi yandikumbutsa zanga. Ine ndimagwira ya m'munda ku Randburg ndipo ndimakhala pa yadi pomwepo. Abwana anachoka miyezi itatu, geti lokhoma, agalu awiri aakulu. Owerenga mita amangobwerera panja. Mabilu amabwera aang'ono bwinobwino, ine n'kumati ndikusamala. Atabwerako abwana mita inawerengedwa, bilu inabwera yoti munthu kukhala pansi. Anayamba kundiyang'ana ngati ndimawotcherera zitsulo usiku. Kodi za a Tadala sizomwezi?

Anambewe: Ankolo, zanuzo ndi za `Estimated`. Akalephera kufika pa mita amangoyerekeza potengera mmene mumagwiritsira ntchito kale. Ngati ayerekeza ndi miyezi yotentha pomwe inu muli mu Juni, giza ndi hita zikuyaka, mayunitsi amakhala akuunjikana osalipidwa, tsiku lowerenga zenizeni onse amatuluka pamodzi. Pa bilu yotero chofunika kuyang'ana ndi masiku aja. Ngati mayunitsi ndi a miyezi itatu, masitepe nawo ayenera kutambasukira masiku a miyezi itatu, ndipo zomwe munalipira pa mabilu oyerekeza zichotsedwe. Mwini akaunti angathenso kumatumiza yekha nambala ya mita pa e-Joburg, webusayiti ya khonsolo, kuti zoyerekezazo zisamachitike. Koma Bambo a Tadala atiuza kuti pawo palembedwa `Actual`. Kungoti muonenso bilu ya mwezi watha, bambo, kuti 41250 inalinso yowerengadi.

Bambo a Tadala: Ndinaisunga, nayonso ndi `Actual`, yathera 41250 yomweyo.

Ankolo Mbewe: Ine bwenzi nditadziwa zimenezi nthawi ija. Anandidula R500 pa malipiro ndipo ndinangoti zikomo bwana.

Yamikani: Koma zanga za pa 1 zija sizabodza eti? Musandichititse manyazi pa gulu.

Anambewe: Mwalondola theka Yamikani. Tsiku la 1 palokha lilibe mtengo wapadera. Mita yogula mayunitsi nayo ili ndi masitepe, ndipo amayambiranso mwezi ukayamba. Kwa City Power oyamba ndi 350, kenako mpaka 500, kenako opitirira apo. Mukagula pa 20 muli mutagula kale ena mwezi womwewo, mwina mwalowa sitepe yachiwiri, n'chifukwa chake amachepa. Munthu yemwe sanagulepo mwezi umenewo akagula pa 20 apeza mtengo wotsika womwewo. N'chifukwa chakenso kugula a miyezi itatu kamodzi n'kudziluzitsa, mumadzikweza nokha masitepe. Ndipo mu Julaye 2024 ogula mayunitsi a City Power anawaikira ndalama yokhazikika ya R200 pamwezi, ndi VAT R230, kupatula omwe analembetsa ngati ovutika. Ngati inu simukuiona, mwina mita yanu si ya City Power.

Yamikani: Ine ndili ku Diepsloot, pa lisiti pamalembedwa Eskom, kampani ya magetsi ya boma ija.

Anambewe: Ndiye mitengo yanu ndi ina, musafanizire ndi ya ku Rosettenville. Ya Eskom imasintha pa 1 Epulo, ya khonsolo pa 1 Julaye. Bilu ya khonsolo yomwe masiku ake adutsa pa 1 Julaye imakhala ndi mitengo iwiri, yakale ndi yatsopano, anthu amadabwa poona masitepe ochuluka.

Bambo a Tadala: Tibwerere kwa ine achemwali, mawa madzulo tili ndi msonkhano pa yadi. Ndinene kuti ndipereka zingati?

Anambewe: Ndiuzeni kaye timamita tinato tikuti bwanji, ndipo tinawerengedwa liti.

Bambo a Tadala: Kheyateka amawerenga pa 1 mwezi uliwonse. Nyumba yaikulu 700, ine 210, oyandikana nane 180, mnyamata wa pakona 160.

Che Jafali: Ndaphatikiza, ndi 1,250. Bilu ikuti 1,400. Mayunitsi 150 apita kuti? Pali wina walumikiza waya wa kuseri pamenepo, kapena kheyateka ali ndi kasitovu kake kosadutsa pa mita. Kafufuzeni ku denga.

Anambewe: Zimachitikadi Che Jafali, mababu a panja ndi giza ya bafa ya onse nthawi zambiri sizidutsa pa kamita ka aliyense. Koma apa ndikuona kuti ndi masiku chabe. Timamita tawerenga masiku 31 a Julaye, bilu yawerenga masiku 35. Gawani 1,400 ndi 35, ndi mayunitsi 40 patsiku, ndipo pabilupo payenera kukhala mzere wa `Daily average consumption` wonena zomwezo. Gawaninso 1,250 ndi 31, ndi 40 ndi kanyenyeswa. Mukuona? Yadi ikudya mofanana mbali zonse ziwiri, 150 akusowayo ndi masiku anayi owonjezera aja. Kukanakhala wakuba, nambala ya patsiku ya bilu ikanaposa ya timamita moonekeratu.

Ndiye popeza masiku sakugwirizana, musachulukitse 210 ndi mtengo uliwonse. Tengani gawo lanu. Pa mayunitsi 1,250 anu ndi 210, kutanthauza 16.8 peresenti. Gawo limenelo la R4,680 ndi R786. Ndalama yokhazikika ija, R1,265, ine kuntchito timaigawa mofanana pa khomo lililonse, chifukwa aliyense ali ndi magetsi m'nyumba kaya ayatsa kaya ayi, ndiye R316 aliyense. Magetsi anu ndi R1,102. Madzi mulibe timamita, mukagawa R1,190 panayi ndi R298. Zonse R1,400.

Bambo a Tadala: Kuchoka pa R2,660 kufika R1,400. Mtima watsikako, ngakhale ndinali nditakonzekera R546 yanga ija.

Che Jafali: Ine R316 imeneyo sindikugwirizana nayo. Nyumba yaikulu ili ndi giza, sitovu ya mapuleti anayi, makina ochapira. Buleka yaikuluyo inaikidwira iwowo. Munthu wa kachipinda kamodzi alipire mofanana ndi wa zipinda zinayi? Gawani R5,945 yonse potengera mayunitsi. Ndawerengera, 16.8 peresenti yake ndi R999. Komanso amene akukokera yadi yonse ku sitepe yachitatu ndi a 700 aja. Achimwenewa akanakhala ndi mita yawoyawo, 210 yonse ikanathera mu sitepe yotchipa.

Anambewe: Mfundo yanu yachiwiri ndi yoona, ndipo alipo amagawa masitepe panayi, aliyense ayambe wadya gawo lake la mayunitsi otchipa, wopitirira yekha ndiye alipire odula. Kungoti samu yake imatopetsa mwezi ndi mwezi ndipo makheyateka ambiri amaisiya panjira. Koma musaiwale kuti akanakhala ndi mita yawoyawo ya bilu, R1,265 yonse ikanakhala yawo okha. Sangatenge ubwino wa kukhala yekha pa masitepe n'kukana mtolo wa kukhala yekha pa ndalama yokhazikika.

Che Jafali: Akanaika yogula mayunitsi, n'kumalipira R230 basi.

Anambewe: Apo mwandigwira. Komabe R230 ndi R316 sizitalikirana kwambiri, ndipo kusiyana kwa R999 ya njira yanu ndi R1,102 ya njira yanga ndi R103. Palibe lamulo la pabilu lonena kuti mugawe chonchi kapena chonchi, ndi nkhani yoti anthu anayiwo agwirizane ndipo alembe.

Mayi a Chisomo: Ine ndangowerenga mwakachetechete koma pa madzi ndiyankhulepo. Kugawa panayi si chilungamo ngati nyumba yaikulu muli anthu asanu ndi awiri pomwe mnyamata wa pakona ali yekha. Kwathu ku Turffontein timawerenga mitu ya anthu, mwana woyamwa sitimuwerenga. Komanso R1,190 mukaone bwino. Ife inakwera chonchi kenako tinapeza kuti thanki ya chimbudzi cha panja imataya madzi usiku wonse, kaphokoso kake kochepa ngati njoka. Tinatseka mipopi yonse n'kukayang'ana mita, timanambala tofiira tikuyendabe.

Anambewe: Mayi anena zoona. Pa madzi samu ndi yomweyi, kungoti masitepe ake ndi aafupi. Makilolita 6 oyamba ndi aulere, pa bilu ya masiku 31 mudzaona 6.111, kenako mtengo umakwera pa 10, pa 15, pa 20, pa 30, choncho. Yadi ya anthu khumi ndi angapo imadutsa masitepe otchipawo sabata yoyamba yomwe, ndiye dontho lililonse lotayikira m'chimbudzi likulipidwa pa mtengo wa pamwamba. Nawonso ali ndi kandalama kokhazikika pamwezi.

Yamikani: Nanga kheyateka akakana, n'kunena kuti osafuna asamuke?

Anambewe: Kuli Rental Housing Tribunal ya Gauteng, imamva madandaulo a alendi ndi eni nyumba ndipo siilipiritsa. Koma musanafike kumeneko lankhulani ndi landilodi mwiniwake, mwina sakudziwa n'komwe kuti kheyateka wagawa nambala yolakwika. Ambiri si kuba ayi, n'kusafuna kutsegula tsamba lachiwiri.

Ankolo Mbewe: Mupite ndi pepala ndi cholembera, osati mkwiyo. Malo ogona kuno ndi ovuta, Ogasiti kukuzizirabe.

Bambo a Tadala: Abale ndabwera ndi lipoti la msonkhano wa dzulo. Landilodi tinamuimbira foni pomwepo. Msonkho wa nyumba ndi zinyalala wavomera kuti ndi zake. R1,500 ija akuti analipira pa 16, watitumizira umboni, ndiye ioneka bilu ikubwerayi. Suweji wakana, akuti ndi madzi omwewo akutuluka, tigawane panayi, R175 aliyense, ndipo papepala lathu palibe mawu amenewo mbali iliyonse. A nyumba yaikulu avomera zogawa R4,680 potengera timamita koma akuti R1,265 ikhale yofanana, mnyamata wa pakona akufuna njira ya Che Jafali, anatsala pang'ono kugwirana m'makolala. Zowerenga mitu pa madzi a nyumba yaikulu sakufuna kuzimva. Ine ndapereka kaye R1,400, ya suweji ndaigwira.

Che Jafali: Mnyamata wa pakonayo mumulowetse pa gulu pano, ndi wanzeru.

Anambewe: Mwasunga lisiti ya R1,400? Ndipo muuzeni kheyateka asinthe tsiku lowerenga timamita, aziwerenga cha pa 12 pomwe mita yaikulu imawerengedwa, kuti nkhani ya 150 osowa isadzabwerenso.

Bambo a Tadala: Lisiti ndili nayo. Za tsikulo ndamuuza, akuti pa 12 amakhala ali ku ntchito ina ku Germiston, ndiye mwina ndiziwerenga ndine n'kumajambula. Mayi a Chisomo, usiku uno nditseka mipopi ndikaone timanambala tofiira tija, chimbudzi chathu cha panja nachonso chimalira.